Kusankha Chithunzi Mosanyengedwa ndi Malo Amene Chaikidwa

M'nkhani ino ndifotokoza njira yoweruzira zithunzi imene ndinaphunzira kwathu ku Thyolo, dera la minda ya tiyi monga Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba. Malume anga ndi kapitawo pa esiteti ina kumeneko. Patchuthi cha Disembala, nyengo imene tiyi amaphukira kwambiri, anandipempha kuti ndijambule masamba a m'madengu asanu ndi limodzi. Ankafuna chithunzi chimodzi choonetsa antchito atsopano kathyoledwe koyenera, ndiponso mwini dengulo akanatamandidwa pamaso pa anzake.

Madzulo ndinawaonetsa zithunzizo pa foni, kuyambira A mpaka F, ndipo anasankha A. Patapita masiku awiri ndinawaonetsanso, koma mwangozi ndinayambira ku F. Ulendo uno anasankha F. Nditawauza anadabwa nati, "Iwe mphwanga, wandisinthira zithunzi kapena?" Ndinayankha kuti, "Ayi malume, ndi zomwezija, mwangoziona mobwerera."

Vutoli si la malume okha. Mu 2009, Antonia Mantonakis ndi anzake ku Canada anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anapatsa anthu makapu angapo a vinyo kuti alawe. Anthuwo sankadziwa kuti vinyoyo anali mmodzimodzi, koma ambiri anakonda kapu yoyamba. Chimene chimachitika n'chakuti chinthu choyamba chimasanduka muyeso, ndipo zotsatira zake timangozifunira zifukwa.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, tinalemba mndandanda wa mafunso anayi tisanayang'anenso zithunzi. Kulemba msanga n'kofunika, chifukwa munthu amene waona kale chithunzi chimene chamukopa amapanga mafunso ochikomera. Funso lililonse linali ndi malikisi 0, 1 kapena 2, kotero malikisi onse anali 8.

Funso loyamba linali lakuti, mwa mphukira 20 zowerengedwa kuyambira kumanzere kwa chithunzi, ndi zingati zili ndi masamba awiri ndi kansonga? Tinagwirizana kuti 15 kapena kuposerapo zipeze malikisi 2, kuyambira 10 mpaka 14 zipeze 1, zochepera apo 0. Lachiwiri linali lowerenga masamba okhwima obiriwira moderako, lachitatu masamba ofiira chifukwa chopanikizidwa m'dengu, ndipo lachinayi timitengo titalitali. Pa mafunso atatuwa, kusapezeka kwa vutolo kunali malikisi 2, kupezeka kamodzi mpaka katatu 1, kuposa apo 0. Sitinalole funso lakuti "kodi chithunzichi n'chokongola?" chifukwa yankho lake silingawerengedwe.

Kenaka ndinalemba zilembo zija pa timapepala, n'kutiponya m'chipewa, ndipo mwana wina anatola kamodzikamodzi. Malume anaweruza zithunzi motsata mmene timapepalato tinatulukira. Ankamaliza mafunso onse anayi pa chithunzi chimodzi, ine n'kubisa malikisiwo, asanaone china. M'mawa mwake tinabwereza, kuyambira kumapeto.

Zotsatira zake zinatiphunzitsa zambiri. Chithunzi A chinapeza malikisi 5 maulendo onse awiri, chifukwa mphukira zoyenera zinali 12 zokha, munali masamba okhwima awiri ndi kamtengo kamodzi. Chinakopa malume poyamba paja chifukwa ndinachijambula dzuwa likuwala bwino. Chithunzi D, chimene chinali pakati ndipo sanachitchulepo n'kamodzi komwe, chinapeza 7 maulendo onse awiri. Chinali ndi mphukira zoyenera 17, ndipo chinataya malikisi pa tsamba limodzi lofiira.

Chithunzi F ndicho chinavuta. Chinapeza 6 tsiku loyamba, koma 4 tsiku lachiwiri. Kusiyana kotereku ndi chizindikiro chakuti pena pake palakwika, mwina funso silikumveka bwino kapena chithunzicho sichikuoneka bwino. Titafufuza tinapeza kuti dengulo ndinalijambula pamthunzi wa mtengo, choncho masamba anthete ena ankaoneka ngati okhwima. Tinachichotsa pa mpikisano, ndipo tinagwirizana kuti mtsogolo masamba onse aziyalidwa pa thumba loyera, pamalo amodzi ndi pa nthawi imodzi.

Komabe njirayi ili ndi malire. Chithunzi chimaonetsa masamba a pamwamba okha, pamene okhwima angathe kubisala pansi pa dengu. Sichingakuuzeninso ngati tsamba ndi lofewa kapena latentha, zimene kapitawo amadziwa polowetsa dzanja. Chinanso n'chakuti mndandanda wolakwika umalakwitsa zithunzi zonse mofanana, kotero mafunso ayenera kuchokera kwa munthu wodziwa tiyi.

Pomaliza, malume anapachika chithunzi D pafupi ndi sikelo. Dengulo linali la mayi wina wachikulire amene wathyola tiyi zaka zambiri. Tikadatsata diso lokha, ulemu wake ukadapita kwa munthu wina, chabe chifukwa chithunzi cha munthuyo chinaoneka poyamba.