Makontirakiti Ambiri, Tebulo Limodzi

Kalaliki wa kampani ya antchito makumi anayi akafuna kuyerekeza makontirakiti awo, ayenera kupatsa wantchito aliyense mzere wake. Mzerewo ukhale ndi nthawi ya notisi, kutalika kwa nthawi yoyesedwa ntchito, zifukwa zothetsera ntchito, ndi nambala ya ndime imene mfundo iliyonse yachokera.

Vuto lagona pa notisi. Kontirakiti ina imati "mwezi umodzi", ina "masiku 30", pomwe ina imangowerenga masiku ogwira ntchito okha, ndipo 30 otere amakwana masabata asanu ndi limodzi. Wokopera manambala okha amafananitsa zinthu zosiyana. Choncho mawu enieni a m'ndimeyo alembedwe pambali pa nambalayo. Notisi ya bwana isiyanitsidwenso ndi ya wantchito.

Lamulo la ntchito la Malawi la 2000 limati nthawi yoyesedwa isapitirire miyezi 12, ndipo wolipidwa pamwezi apatsidwe notisi yosachepera mwezi. Mzere wosonyeza miyezi 18 ulembedwe ndi inki yofiira. Kontirakiti ikakhala chete pa mfundo ina, m'bokosimo mulembedwe "palibe", osati chongoganizira.