Kuwerengera ndalama za mpanda wa waya ku Ligowe

Mwini puloti amene akufuna kudziwa ndalama za mpanda ayambe wayeza malire ake, pamaso pa amfumu ndi oyandikana nawo, chifukwa mpanda wolowa m'malo a mwini umazulidwa ndipo ndalama zimapita pachabe.

Puloti ya mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi imakwana mamita 100 kuzungulira. Mapolo akatalikirana mamita 2.5, pafunika mapolo 40. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaiwala mitengo yochirikizira, iwiri pa ngodya iliyonse ndi iwiri pageti. Popanda imeneyi, mapolo a m'ngodya amapendekeka waya akakokedwa. Choncho mitengo yonse ndi 50. Bulugamu wosathira mankhwala ndi wotsika mtengo, koma chiswe sichichedwa kumudya patsinde.

Geti likatenga mpata umodzi wa mamita 2.5, otsala ndi 97.5. Mizere isanu ya waya waminga ifuna mamita pafupifupi 490, ndipo ndi bwino kugula 540 kaamba ka wopiringiza ndi wolumikizira. Mipukutu imasiyana kutalika, motero wogula afunse mamita ake asanayerekeze mitengo.

Pamwamba pa izi pabwere geti ndi mahinjesi ake, misomali, simenti ya mapolo apageti, ndi ndalama zonyamulira katundu ngati wagulidwa ku Mwanza, ulendo umene umavuta nthawi yadzinja. Aganyu agwirizane nawo mtengo wa dzenje limodzi lakuya masentimita 60 asanayambe kukumba maenje 40 aja, ndipo mmisiri wokoka waya awerengeredwe payekha.