Mtengo woyamba umakakamira m'mutu

Pa kaunjika wogulitsa akuti jekete ndi K20,000. Inu mukuti K12,000, mukugwirizana pa K15,000, n'kumapita mukumwetulira kuti mwamudya. Koma mukadafunsa pa benchi ina musanamve mtengowo, mwina mukadayambira pa K8,000.

Nambala yoyamba kuimva imakhala ngati chikhomo chomangirapo mbuzi: maganizo amangozungulira pomwepo. Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anaonetsa mu 1974 kuti ngakhale nambala yongotulukira mwamwayi imakoka zimene anthu amayerekeza.

Palinso msampha wina. Zipi ya jekete imodzi ikakuonongekerani dzulo, mumaiwala zovala khumi zimene zinakhalitsa, chifukwa chopweteka chimakumbukika msanga.

Musanafunse mtengo, yendani mabenchi atatu kungomvetsera, ndipo khazikitsani malire anu mumtima.