Uthenga umodzi, zovala zitatu: Status, Facebook ndi LinkedIn

Munthu akatsegula LinkedIn n'kupeza chilengezo chodzala timanyenyezi, monga *MWAYI WA MAPHUNZIRO*, amadziwiratu kumene uthengawo wachokera. Unalembedwa pa WhatsApp, pomwe mawu otsekeredwa pakati pa nyenyezi ziwiri amasanduka akuda bii. Mwiniwake anangoukopera n'kuumata kwina. Koma Facebook ndi LinkedIn sizidziwa chizindikiro chimenechi m'mapositi wamba, choncho nyenyezizo zimangokhala mbee ngati zitosi za nkhuku pakhonde.

Nyenyezizo n'zazing'ono, koma zimaulula vuto lalikulu: wolemba waiwala kuti mabwalo atatuwa ali ndi anthu osiyana, ndipo uthenga umakhalapo nthawi yosiyana.

Tiyerekeze kuti kampani yaing'ono ku Lilongwe ikufuna kuphunzitsa achinyamata 20 kulumikiza magetsi a sola. Maphunzirowo ndi a masiku asanu, ayamba Lolemba pa 16 Juni, malipiro ndi K25,000, ndipo kulembetsa kutsekedwa pa 11 Juni. Mlembi wodziwa ntchito amayamba walemba mfundo zimenezi pa pepala limodzi: chochitika, tsiku, malo, mtengo, tsiku lotseka, ndi nambala yoimbira. Izi sizisintha pena paliponse. Chimene chimasintha ndi mfundo yoyambira, kutalika kwa uthenga ndi munthu amene akuuzidwa.

Status ya WhatsApp, yomwe inayamba mu 2017, imafufutika yokha pakatha maola 24, ndipo amaiona ndi okhawo amene munasungirana manambala. Ndiye kuti owerenga ndi achibale, a kumpingo, anzanu a kusukulu ndi makasitomala akale. Sipafunika kudzifotokoza kuti ndinu yani. Komanso chithunzi cha pa Status chimangoima masekondi ochepa n'kudumphira kwa wina, pokhapokha woonayo atachipanikiza ndi chala. Ngakhale WhatsApp imalola zilembo 700 pa Status ya mawu okhaokha, wodzaza zonsezo amangolankhula ndi mphepo. Mawu a kampani ija angakhale awa: "Phunzirani kulumikiza sola. Masiku 5, kuyambira Lolemba, 16 Juni, Area 25. K25,000. Malo 20 okha. Yankhani pompano." Basi.

Chithunzi chake chikhale choimirira ngati foni, cha muyezo wa 1080 x 1920, ndipo mawu akhale pakati, chifukwa pamwamba pamakhala dzina la mwini Status, pansi pamakhala poyankhira. Positala yopangidwira pepala la A4 ikaikidwa apa, zilembo zake zimachepa ngati nyerere.

Pali nkhani inanso imene wolemba wa ku Malawi sayenera kuiwala. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha kwa Airtel kapena TNM. Munthu wotere akadina linki ya fomu ya pa intaneti, foni imangozungulira osatsegula kanthu, ndipo iye amaganiza kuti linkiyo ndi yowonongeka kapena ndi ya akuba. N'chifukwa chake pa Status chochita chikhale cha mkati mwa WhatsApp momwemo: kuyankha. Fomu itumizidwe pambuyo pake, kapena mafunso ake afunsidwe pamacheza.

Pa Facebook zinthu zimatembenuka. Positi ikhoza kufika kwa munthu wa ku Mzuzu amene sanamvepo za kampaniyo, chifukwa mlamu wake waigawa m'gulu lina. Munthu ameneyu amayamba ndi kukayikira, ndipo sitingamunene, poti zilengezo zabodza za ntchito ndi maphunziro zofuna ndalama yolembetsera zadya anthu ambiri. Apa uthenga umafunika dzina lonse la kampani, malo enieni ndi chizindikiro chodziwika chapafupi, zimene wophunzira adzachite tsiku lililonse, ndiponso ngati K25,000 ija ikuphatikiza chakudya chamasana ndi zipangizo. Chithunzi cha ophunzira enieni ali padenga ndi mapanelo chimakhulupirika kuposa chithunzi chotola pa intaneti.

Malo olembera ndi ambiri, opitirira zilembo 60,000, koma Facebook imadula uthenga pakangotha mizere yochepa n'kuika See more. Ambiri sadina. Choncho malonje aatali aja, "Tikupereka moni kwa inu nonse m'dzina la…", amadya mizere imene ikanatenga tsiku ndi mtengo. Wolemba wochenjera amaika chochitika, tsiku ndi malo mu mzere woyamba, moni n'kubwera pambuyo.

Njira yodziwira ngati positi yalephera ndi yosavuta. Makomenti akadzaza ndi "Zingati?", "Kuti?" ndi "Liti?", ndiye kuti mfundozo zinabisika pansi pa See more kapena zinali m'chithunzi mokha.

Nambala ya foni nayo isamangokhala m'chithunzi, poti munthu sangaikopere. Njira yabwino ndi linki imene imatsegula macheza a WhatsApp mwachindunji. Imalembedwa ndi nambala ya dziko, 265, popanda chizindikiro cha + komanso popanda 0 woyambirira wa nambalayo:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX
```

Wosiya 0 uja m'kati amapanga linki yopita kwa munthu amene kulibe.

Tsono mawu oopsa kwambiri m'zilengezo zonse ndi akuti "mawa". Pa Status yoikidwa Lamlungu madzulo, woiona Lolemba m'mawa amawerenga "mawa" n'kuganiza Lachiwiri. Pa Facebook positi imatha kutulukira pakapita masiku atatu, pa LinkedIn ngakhale milungu. Tsiku lilembedwe lonse ndi dzina lake: Lolemba, 16 Juni.

LinkedIn, yomwe Microsoft inagula mu 2016, ndi pomwe ambiri amaphonya kwambiri, chifukwa amaganiza kuti ntchito ndi kungomasulira positi ya Facebook m'Chingerezi. Koma mnyamata wofuna maphunziro a K25,000 kawirikawiri sali kumeneko. Kuli mabwana a makampani a sola osowa amisiri, ogwira ntchito m'mabungwe amene angalipirire ophunzira, ndi Amalawi a ku Joni kapena ku Mangalande amene angatumizire mphwawo ndalama. Funso lawo si lakuti "ndilembetse bwanji" koma "izi zindipindulira chiyani". Choncho uthenga uyambe ndi chifukwa: kampani yaona kuti mabatire ambiri amafa msanga chifukwa cholumikiza molakwika, ndiye ikuphunzitsa amisiri 20. Kenako pabwere luso limene adzatuluke nalo, ndipo pempho likhale lina: amene angatenge ophunzira awiri kuti adzaphunzirire ntchito kwawo, kapena kulipirira malo asanu pa K125,000, alembe uthenga.

Malire pano ndi zilembo 3,000, ndipo uthenga umadulidwanso pakatha mizere iwiri kapena itatu. Timitima ndi timoto tokongoletsa, tomwe pa Status n'tabwinobwino, pano timachotsa ulemu. Ndondomeko ya maphunziro ikhoza kuikidwa ngati chikalata cha PDF chimene anthu amachitembenuza tsamba ndi tsamba pa positi pomwepo.

Mayeso enieni amabwera tsiku limene chinachake chasintha. Tinene kuti holo ya ku Area 25 yatengedwa ndi ukwati ndipo maphunziro asamukira ku Area 49. Pa Facebook ndi LinkedIn mawu amakonzeka, ndipo ndi bwino kulemba pamwamba penipeni kuti malo asintha. Koma pa LinkedIn chithunzi chikaikidwa sichisinthika, ndiye ngati malo akale analembedwa pa chithunzicho, positi yonse ichotsedwe n'kuikanso. Status siikonzeka n'komwe: imafufutidwa, ina n'kuikidwa. Zithunzi zimene anthu anajambula pa foni n'kutumiza m'magulu a mpingo zimapitiriza kuyenda ndi Area 25 yawo, ndipo mlembi amatsala ndi ntchito yotenga mndandanda wa olembetsa n'kuwaimbira mmodzimmodzi, anthu 20 onsewo.