Muzu wa valeriani: kodi umagonetsadi?

Ku Norway, pulogalamu ina ya zaumoyo ya pa wailesi yakanema inaitana anthu amene tulo timawavuta kuti alowe nawo m'kafukufuku. Anthu 405 anasankhidwa. Kwa masabata awiri ankangolemba mmene agonera usiku uliwonse, osamwa kalikonse. Kenako aliyense anamutumizira mapiritsi pa positi. Ena analandira a muzu wa valeriani, ena analandira ooneka chimodzimodzi koma opanda mankhwala m'kati, ndipo palibe amene ankadziwa kuti wapatsidwa ati. Anamwa kwa masabata ena awiri.

Zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Pa anthu 100 alionse amene anamwa valeriani, 29 anati tulo tawo tasinthako. Pa 100 alionse amene anamwa mapiritsi achabe aja, 21 ananena zomwezo. Kusiyana kwake n'kwa anthu pafupifupi 8, ndipo ochita kafukufukuwo atawerengera anapeza kuti n'kochepa moti kukhoza kungochitika mwamwayi. Nambala ya 21 ija ndi imene ikufotokoza chifukwa chake muzuwu uli ndi mboni zambiri chonchi. Munthu akameza piritsi ali ndi chikhulupiriro, nthawi zambiri amadzuka akunena kuti wagona bwino, ngakhale m'piritsimo munalibe kanthu.

Valeriani, amene asayansi amamutcha Valeriana officinalis, ndi chomera cha ku Ulaya ndi mbali zina za Asia, cha timaluwa toyera kapena tofiirira. Mankhwala ali ku muzu. Galen, sing'anga wachigiriki wa m'zaka za m'ma 100, ankaupereka kwa osowa tulo, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anthu ena ku England ankaumwa kuti mtima ukhale m'malo ndege zikamaponya mabomba. Lero umagulitsidwa ngati tiyi, madontho kapena makapisozi. Amene anatsegulapo botolo lake saiwala fungo: muzu woumawo uli ndi asidi yemweyo amene amanunkhitsa mapazi a thukuta. Amphaka ena, chodabwitsa, amalikonda.

Nanga akuti umagwira bwanji? Apa m'pamene pamabwera dzina loti GABA. Ameneyu ndi mankhwala amene ubongo umadzipangira wokha, ndipo ntchito yake ili ngati ya mabuleki a njinga: kuchepetsa liwiro la mauthenga a m'minyewa. Pa khungu la selo ya ubongo pali timapuloteni tokhala ndi kabowo pakati, totchedwa GABA-A. GABA akafika n'kumamatira pamenepo, kabowoko kamatseguka, kloraidi amalowa m'selo, ndipo seloyo imayamba kuvuta kudzuka kuti itumize uthenga. Maselo ambiri akatero, munthu amafatsa n'kuyamba kusinza. Dayazepamu, amene ambiri amamudziwa kuti valiyamu, amagwira pa timapuloteni tomweti, ndipo mowa nawonso umafika pomwepo.

Poyamba anthu ankaganiza kuti nkhani ndi yapafupi, poti m'muzumo mumapezeka GABA weniweni. Koma ubongo uli ndi chotchinga chimene chimasefa zochokera m'magazi, ndipo GABA wochita kumeza sadutsa bwino pamenepo. Maso a asayansi anatembenukira kwa chinthu china cha m'muzumo, asidi wa valereniki.

Mu 2007 asayansi a ku Vienna anaika timapuloteni ta GABA-A m'mazira a chule n'kuthirapo asidiyu. Anaona kuti amawonjezera mphamvu ya GABA, koma pa timapuloteni tokhala ndi zigawo zotchedwa beta 2 kapena beta 3 basi, ndipo samamatira pamalo pamene valiyamu amamatira. Patapita zaka ziwiri, gulu lina ku Zurich linayesa pa mbewa. Mbewa wamba zitapatsidwa asidiyu zinachepa mantha, koma mbewa zimene anazisintha kachidutswa kamodzi ka beta 3 sizinasinthe n'komwe. Ntchito imeneyi inali yabwino, ndipo ikusonyeza kuti njirayo ilipodi.

Komabe dzira la chule siligona, ndipo pa mbewa zija ankayeza mantha, osati tulo. Komanso kuthira asidi woyengeka pa selo n'kosiyana ndi kumeza kapisozi, chifukwa m'thupi mankhwalawo ayenera kudutsa m'matumbo, m'chiwindi ndi m'magazi, kenako afike mu ubongo ali okwanira. Apo n'kuti kapisoziyo ili ndi asidi wokwanira poyamba pomwe, chimene sichichitika nthawi zonse. Kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi mtundu wa chomera, kumene chinamera, ndiponso ngati muzu anauviika m'madzi kapena mu sipiriti. Mabotolo awiri olembedwa mamiligalamu 500 akhoza kukhala ndi zosiyana kwambiri m'kati.

Choncho mlandu umabwerera kwa anthu enieni ogona pabedi, ndipo kumeneko umboni umagwedera. Mu 2006 ofufuza a ku California anasonkhanitsa makafukufuku 16 okhudza anthu 1,093. Poyang'ana mwachidule, valeriani ankaoneka kuti akuthandiza. Koma iwo eni anachenjeza kuti makafukufuku ambiri anali ndi zolakwika, milingo inali yosiyanasiyana, ndipo panali zizindikiro zoti makafukufuku amene sanapeze phindu ankangotsala m'madirowa osasindikizidwa. Fungo lija nalonso limasokoneza: ngati piritsi lachabe silinunkha, womwayo amazindikira gulu limene ali, kafukufuku n'kuwonongeka.

Chinthu chimodzi chimabwerezabwereza. Ukafunsa munthu kuti wagona bwanji, valeriani nthawi zina amapambanako pang'ono. Ukamuyeza ndi makina, kuona mphindi zimene watenga asanagone ndi nthawi imene wakhala maso pakati pa usiku, phindu lija limazimiririka. Ku Seattle, amayi achikulire 16 osowa tulo anamwa mamiligalamu 300 kwa masabata awiri, n'kumwanso mapiritsi achabe kwa masabata ena awiri, akuyezedwa ndi makina. Panalibe kusiyana kooneka. Inde, anthu 16 ndi ochepa, koma makafukufuku ambiri oyamikira muzuwu nawonso ndi aang'ono chomwecho.

N'chifukwa chake akuluakulu a zamankhwala sagwirizana. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya limavomereza valeriani pa nkhawa yochepa ndi vuto la tulo, ndipo limati mphamvu yake imabwera pang'onopang'ono, m'masabata awiri mpaka anayi, osati usiku umodzi. Koma mu 2017 bungwe la madokotala a za tulo ku America linalangiza kuti asamaperekedwe kwa akuluakulu osowa tulo kwa nthawi yaitali, poti phindu lake silikuoneka.

Chabwino chake n'chakuti kwa anthu ambiri, akamwa kwa masabata ochepa, savulaza. Ena amamva mutu, chizungulire, kusokonezeka m'mimba kapena kulemera m'maso m'mawa, ndipo mwa apo ndi apo pamveka za kuvulala kwa chiwindi. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 12 amalangizidwa kuupewa. Kuuphatikiza ndi mowa, valiyamu kapena mapiritsi ena ogonetsa si nzeru, ndipo amene akukachitidwa opaleshoni auze dokotala kuti amamwa.

Kusowa tulo kwa miyezi nthawi zambiri kumakhala ndi gwero: nkhawa, matenda a maganizo, ululu, mowa, tiyi kapena khofi wamadzulo, mankhwala ena, ngakhalenso kubanika m'tulo kwa anthu oliza mkonono kwambiri. Chithandizo chimene madokotala amaika patsogolo ndi uphungu wosintha kagonedwe ndi kaganizidwe ka munthu pa za tulo, ndipo umboni wake ndi wolimba kuposa wa muzuwu. Amene wakhala miyezi itatu akuona kunja kukucha ali maso, apite kuchipatala akamuyeze asanawononge ndalama pa botolo lina.