Chithunzi chong'ambika: zimene situdiyo ingabweze ndi zimene singathe

Munthu akalowa mu situdiyo ndi chithunzi chakale chong'ambika, pempho lake limakhala limodzi: mundikonzere chibwerere mwakale. Wojambula wodziwa ntchito yake savomera pomwepo. Amayamba wachiyala pa tebulo pamalo owala, n'kuchiyang'ana ndi galasi lokulitsa, ndipo asanalandire ndalama amauza mwini wake zimene zitheke ndi zimene sizitheka. Uthenga umenewo ndiwo umaletsa mkangano pa tsiku lodzatenga chithunzi.

Tiyerekeze ndi chithunzi cha mtundu umene umapezeka m'masutikesi ambiri kuno kwathu. Ndi cha ukwati, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, chakuda ndi choyera, chachikulu ngati positikhadi: masentimita 9 m'lifupi, 14 m'litali. Mkwati wavala suti, mwina imene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, mkwatibwi wavala velo, kumbuyo kwawo kuli katani ya mu situdiyo. Chithunzicho chang'ambika patatu. Mng'alu woyamba wadutsa pa katani ndi pa velo. Wachiwiri wakwera kuchokera pa chifuwa cha mkwati mpaka kumaso, ndipo pamenepo kachidutswa kakang'ono kanatayika, kamene kanapita ndi diso lakumanzere ndi tsaya. Wina anamatapo selotepi kalekale, ndipo kona yam'munsi inadyedwa ndi chiswe. Wachibweretsa ndi mwana wamkazi wa awiriwo. Uthenga wabwino wopita kwa iye ungalembedwe motere:

"Amayi, tachiona bwino chithunzi cha ukwati wa makolo anu. Pepala limene mwatibweretserali sitilikonza ayi, tidzakubwezerani mmene lilili. Tidzalijambula pa sikana, n'kukonza pa kompyuta, kenako n'kukusindikizirani chithunzi chatsopano. Mng'alu wa pa velo ndi pa katani udzatheratu. Banga la selotepi lidzachoka, ndipo kona imene inadyedwa ndi chiswe tidzaidzaza. Nkhope ya mayi anu ili yonse, idzaoneka bwino. Vuto lili pa nkhope ya malemu bambo anu. Diso lakumanzere ndi tsaya palibe. Tikhoza kuikapo diso, koma lidzakhala loyerekeza ife, osati lawo lenileni. Ngati kunyumba kuli chithunzi china chawo cha zaka zomwezo, kapena kachidutswa kotayikako kali pansi pa sutikesi, chonde bweretsani. Musamatenso kalikonse, ndipo selotepi yakaleyo musaimatule."

Chiganizo chachiwiri cha uthengawu ndi chimene chimadabwitsa anthu ambiri. Iwo amaganiza kuti situdiyo ilumikiza pepala lenilenilo. Zoona zake n'zakuti ntchito yonse imachitika pa kope la m'kompyuta. Kukonza pepala lenileni ndi luso lina, la akatswiri osamalira zinthu zakale m'nyumba zosungira zolemba za mbiri. Iwo amalumikiza zidutswa chakumbuyo ndi kapepala kopyapyala ka ku Japan ndi phala la sitachi wa tirigu, chifukwa phala limenelo limatha kuchotsedwanso popanda kuwononga. Ngakhale m'manja mwawo chipsera chimaonekabe.

Kuti timvetse chifukwa chake mng'alu wina umatha pomwe wina sutha, tiyenera kudziwa pamene chithunzi chimakhala. Sichikhala m'kati mwa pepala. Chimakhala pa kachikopa kopyapyala kwambiri ka jelatini kamene kanapakidwa pamwamba, ndipo m'kachikopa kameneka muli timibulu ta siliva timene timapanga kuda ndi kuyera konse. Pepala ndi chonyamulira chabe. Tsono pepala siling'ambika molunjika monga mmene sizasi imadulira. Limang'ambika chopendekera: mbali imodzi imatsala ndi kamlomo kopyapyala kokhala ndi chithunzi, inayo imaonetsa ulusi woyera wa pepala. Mzere woyera umene umaopsa mwini chithunzi nthawi zambiri ndi ulusi umenewu. Kamlomo kaja kakagona pamwamba pa ulusiwo, mbali ziwirizo zimakumana ndipo chotayika chimakhala chochepa zedi. Zoterezi n'zimene situdiyo ingalonjeze mosaopa, pakuti chilichonse chilipo, changosiyana malo.

Wojambula amaika chidutswa chilichonse pa sikana, kawirikawiri pa 600 dpi, n'kuzilumikiza pa kompyuta m'pulogalamu monga Photoshop kapena GIMP, akumazitembenuza pang'onopang'ono mpaka mzere wa velo wa mbali ino utakumana ndi wa mbali inayo. Timipata totsala amatitseka potengera kuda kapena kuyera kwa pafupi pomwepo. Ndipo ngakhale chithunzicho chili chakuda ndi choyera, amachijambula ngati cha mitundu. Chifukwa chake ndi selotepi ija. Guluu wake akakalamba amalowerera m'pepala n'kusiya banga lachikasu kapena lofiirira, ndipo kompyuta ikaona banga ngati mtundu wapadera imatha kulisiyanitsa ndi chithunzi chimene chili pansi pake. Likajambulidwa ngati lakuda ndi loyera, bangalo limasakanikirana ndi mthunzi wa suti, ntchito n'kukula kawiri. Kumatula selotepi ndi chikhadabo ndiye koopsa koposa, chifukwa imanyamuka ndi jelatini, ndipo malo amene anali ndi banga chabe amasanduka oyera mbee.

Kona ya chiswe ndi nkhani ina pang'ono. Apa chithunzi chinatayikadi, koma chimene chinalipo n'chodziwikiratu: simenti ya pansi ndi m'mphepete mwa katani. Wojambula amatengera simenti ya pambali n'kudzaza. Ndi zopeka, inde, koma palibe amene angadandaule kuti simenti ya mu situdiyo ya 1972 siikufanana ndi yeniyeni.

Nkhope ndiye ayi. Pa chithunzi cha positikhadi chimene anthu aimirira thupi lonse, mutu wa munthu umakhala pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, ndipo diso silipitirira mamilimita awiri kapena atatu. Kachidutswa kochepera chikhadabo kamatha kupita ndi theka la nkhope. Chimene chinali pamenepo sichipezeka kwina kulikonse pa pepalalo, ndipo palibe sikana kapena pulogalamu imene ingaone chinthu chimene kulibe.

Njira imene ambiri amathamangira ndi kutenga diso lakumanja limene lilipo, kulitembenuza, n'kuliika kumanzere. Pa foni zimaoneka ngati zatheka. Koma nkhope ya munthu siifanana mbali zonse ziwiri. Nsidze imodzi imakwera kuposa inzake, chikope chimodzi chimagwa pang'ono, ndipo tinthu timeneti ndi timene ana amazindikirira bambo awo. Komanso nyali ya mu situdiyo inkawala kuchokera mbali imodzi, choncho tsaya lina linali lowala, lina lili mumthunzi. Diso lotembenuzidwa limabwera ndi kuwala kwa mbali yolakwika. Mukafuna kugwira ntchito yotereyi, yang'anani kadontho koyera kamene kamawala m'diso. Pa chithunzi chenicheni kamakhala mbali yofanana m'maso onse awiri, tinene kumtunda chakumanja. Pa diso longotembenuza, kadontho kena kali kumanja, kena kumanzere, ndipo munthuyo amaoneka ngati wamaso opingasa. Wojambula waluso amakonza kadonthoko, amakonzanso mthunzi, ndipo mlendo sangaone vuto. Mwana wa malemuyo amayang'ana kanthawi n'kunena kuti awa si bambo anga, osatha kuloza pamene palakwika.

N'chifukwa chake uthenga uja ukupempha chithunzi china. Ngakhale kachithunzi ka pa pasipoti kapena pa chitupa cha ku ntchito kamathandiza, bola kakhale ka zaka zoyandikira ndipo mutu ukhale utayang'ana mofananako. Pamenepo wojambula amakhala ndi diso lenileni la munthuyo loti atsanzire. Chithunzi cha paukalamba chimathandiza pang'ono chabe. Ndipo ngati mwamwayi negetivu yake ilipo, nkhani yonse ya kung'ambika yatha, chifukwa chithunzi chatsopano chimachokera pamenepo. Koma masitudiyo akale ankasunga okha manegetivu, ndipo n'zosowa kuti banja likhale nayo.

Ine ndimaona kuti pamene palibe chithunzi china, situdiyo iyenera kupereka zosankha ziwiri poyera: diso loyerekeza, kapena kusiya malowo ali ndi mthunzi wofewa wosabisa kuti panatayika kanthu. Mabanja ena amasankha chachiwirichi, ndipo sindiwaona ngati alakwa. Cholakwika n'chakuti wojambula asankhe yekha mwakachetechete, zidzukulu n'kukula zikuyang'ana pakhoma diso la munthu amene sanakhaleko.

Palinso funso limene limabwera mwini chithunzi akamva kuti mng'alu utha: ndiye mundikulitsire chikhale cha pa khoma la pabalaza. Masamu ake ndi awa. Positikhadi ya masentimita 9 ndi 14 ikajambulidwa pa 600 dpi imatulutsa timadontho pafupifupi 2,100 m'lifupi ndi 3,300 m'litali, tokwanira kusindikiza chithunzi choyandikira kukula kwa pepala la A4. Kumeneko n'kukulitsa kawiri ndi pang'ono, ndipo kumaoneka bwino. Kupitirira apo, sikana ikhoza kukwezedwa mpaka 1200 dpi kapena kuposa, koma imangoonetsa bwino ulusi, fumbi ndi timing'alu, chifukwa pepala losindikizidwa kale lilibe zambiri zobisika zoti zituluke. Ngati wojambula wa tsikulo anagwedeza kamera ndipo nkhope zinatuluka zosaoneka bwino, zidzakhalabe choncho, kungoti zazikulu. Situdiyo ikakakamiza, khungu limatuluka losalala ngati la chidole, makwinya ndi timabala ta nkhope titafufutika. Kupaka mitundu nakonso n'kongoyerekeza. Suti imene ikuoneka yotuwa ikhoza kukhala kuti inali yabuluu kapena yofiirira, ndipo amene angadziwe ndi munthu yekhayo amene analipo pa ukwatiwo.

Pobweretsa chithunzi chotere, zidutswa zisakhuthulidwe pamodzi mu envulopu, chifukwa zikamakhulana m'mphepete mwake mumanyenyeka, ndipo m'mphepetemo ndi mmene muli kamlomo kofunika kaja. Zigoneke pakati pa mapepala oyera, katoni yolimba pansi ndi pamwamba. Chikakhala kuti chinamatirira ku galasi la fulemu chifukwa cha chinyezi, chibwere ndi galasi lomwelo, pakuti chimajambulika chili pomwepo. Kuchimatitsa pulasitiki ya moto monga timachitira ndi masatifiketi ndiye kusachitike n'komwe: pulasitikiyo siichokanso.

Pa tsiku lokatenga, mwini wake alandire zidutswa zake zonse, chithunzi chatsopano, ndi mafayilo awiri. Yoyamba ndi ya sikana isanakhudzidwe, makamaka ya TIFF, pamodzi ndi kumbuyo kwa pepala ngati kuli chidindo cha situdiyo kapena deti lolembedwa pamanja. Yachiwiri ndi yokonzedwayo. Fayilo yosakhudzidwa ndi imene imasonyeza pamene chenicheni chathera ndi pamene choyerekeza chayambira, ndipo kachidutswa kaja kakadzapezeka, ntchito idzayambira pamenepo. Mafayilowa akamatumizidwa pa WhatsApp apite ngati Document, chifukwa akapita ngati chithunzi wamba amachepetsedwa, ndipo diso la mamilimita awiri lija limatsala timadontho towerengeka.