Droni ikakuona, watsala ndi mphindi zochepa

Kum'mawa kwa dziko la Ukraine kuli misewu imene masiku ano inakutidwa ndi maukonde. Asilikali amazika mitengo mbali zonse za msewu, n'kuyala ukonde pamwamba ndi m'mbali kwa makilomita angapo, kuti galimoto yonyamula chakudya kapena ovulala idutse mkati. Akutchinga tindege ting'onoting'ono topanda munthu mkati, timene ambiri amangoti madroni. Kena mwa ito munthu akhoza kukanyamula ndi dzanja limodzi, koma kamatha kuwotcha kasinja wa ndalama zankhaninkhani.

Kale ntchito ziwiri za pankhondo zinali zotalikirana. Panali azondi, amene ankakwawa usiku kapena kuuluka pa ndege kukaona kumene mdani ali, ndipo panali owombera mizinga, amene ankadikira uthenga. Uthengawo unkadutsa m'manja mwa akuluakulu angapo, ndiye pofika nthawi yowombera mdani anali atasamuka kalekale. Chimene madroni asintha kwambiri ndi mpata umenewu. Woona ndi womenya tsopano amayang'ana chithunzi chimodzi nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri chida chomwe chaonacho n'chomwenso chimamenya.

Zimenezi sizinayambire ku Ukraine. Dziko la America linamangirira mizinga ya Hellfire pa droni yake yozonda ya Predator mu 2001, ndipo mu Novembala 2002 droni yotereyi inaphulitsa galimoto ya anthu a gulu la al-Qaeda ku Yemen. Mu 2020, pa nkhondo ya masiku 44 yolimbirana dera la Nagorno-Karabakh, dziko la Azerbaijan linaononga akasinja ndi mizinga yambiri ya Armenia ndi madroni a Bayraktar TB2 opangidwa ku Turkey. Komabe zonsezi ndi ndege zikuluzikulu, zodula mamiliyoni a madola, zofuna bwalo lonyamukira. Zimachita bwino kumene mdani alibe zida zokwanira zogwetsera ndege. Russia italowa mu Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, ma TB2 a Ukraine anatchuka masabata oyamba okha. Asilikali a Russia atakonza bwino zida zawo zotetezera mumlengalenga, ndege zoyenda pang'onopang'onozi zinayamba kugwetsedwa, ndipo zotsalazo zinabwerera kumbuyo kukazonda zili patali. Malo awo anatengedwa ndi zinthu zogula m'sitolo.

Tiyeni titsatire mmene kasinja mmodzi amasakidwira. Gulu loyamba ndi la anthu awiri kapena atatu, obisala m'chipinda chapansi cha nyumba yogumuka kapena m'dzenje lofoleredwa, makilomita ochepa kuchokera pamene adani ali. Ali ndi droni ya Mavic 3, yopangidwa ndi kampani ya ku China ya DJI, yomwe inapangidwira ojambula mafilimu ndi maukwati. Siyikwana kilogalamu imodzi kulemera kwake, ndipo mtengo wake ndi madola pafupifupi 2,000. Batire lake limatha pakangodutsa theka la ola, choncho ina ikamatsika ina imakhala ikukwera, kuti diso lisaphethire. Imaima m'mwamba n'kukoka chithunzi cha patali ndi kamera yake. Usiku amaulutsa ya kamera yoona kutentha, imene imaonetsa injini yotentha kapena thupi la munthu ngati chinthu chowala pamalo akuda.

Wozonda wodziwa ntchito sayembekezera kuona kasinja ali poyera. Amafuna zizindikiro: mikwasa yatsopano ya matcheni imene yalowa m'mitengo koma osatulukira mbali ina, nthambi zofota pakati pa zaziwisi, kanjira kopondedwa kamene dzulo kunalibe, zinyalala za chakudya. Akatsimikiza, amaika chizindikiro pa mapu a pa tabuleti. Chithunzi chake chimakhala chikupita kale kwa akuluakulu kudzera pa intaneti ya Starlink, ndipo asilikali a Ukraine ali ndi pulogalamu yotchedwa Delta imene imasonkhanitsa zoona magulu ambiri pa mapu amodzi. Mkulu amasankha chomenyera: mzinga, kapena droni ina.

Droni yomenyayo imatchedwa FPV. Woyendetsa amavala chophimba m'maso chokhala ndi tisikirini mkati, ndipo amaona zimene kamera ya kutsogolo kwa droniyo ikuona, ngati kuti wakhala pamphuno pake. Anthu ankaseweretsa tindege totere pa mipikisano ya liwiro. Lero amatilumikiza m'timashopu ndi m'mafakitale pa madola pafupifupi 500 kamodzi, n'kumangirira kunsi kwake mutu wa bomba la RPG, lolemera kilogalamu imodzi kapena awiri, limene limaboola chitsulo. Pagululi pamakhala woyendetsa, mnzake woyang'ana mapu amene amamuuza kuti khotera kumanja ukafika pa njanji, ndi wina womanga bomba, amene amaliyatsa komalizira penipeni droni ili potalikira anzake. Ngati kasinja ali pa makilomita 8 ndipo droni ikuthamanga makilomita 80 pa ola, ulendo wake ndi mphindi 6. Batire lolemedwa ndi bomba silipirira kupitirira mphindi 10 kapena 15, choncho woyendetsa alibe nthawi yozungulira n'kumafunafuna. Ichi n'chifukwa chake Mavic ija siyichoka m'mwamba.

Kasinja ndi wokhuthala kutsogolo, chifukwa anapangidwa kuti azilimbana ndi akasinja anzake maso ndi maso. Pamwamba ndi kumbuyo, pamene pali injini, chitsulo n'chopyapyala. Woyendetsa FPV amazungulira kuti alowere kumeneko, kapena polumikizira mutu wa kasinja ndi thupi lake. Nthawi zambiri droni yoyamba imangomulemaza, n'kudula tcheni kapena kuzimitsa injini. Asilikali a mkati akathawa n'kusiya chitseko cha pamwamba chili pululu, pamabwera Mavic ina yonyamula bomba la m'manja n'kuligwetsera mkati, momwe muli zipolopolo za kasinjayo.

Mavidiyo amene amafalitsidwa pa mafoni amaonetsa zopambana zokhazokha, ndipo munthu asanamizike nawo. Madroni ambiri safika kumene atumidwa. Kufooka kwawo kuli pa wailesi. Pali njira ziwiri za mafunde: ina imanyamula malamulo kuchoka m'manja mwa woyendetsa, ina imabweretsa chithunzi. Mdani amaika makina otulutsa phokoso pa mafunde omwewo, ena aakulu pa magalimoto, ena aang'ono pamwamba pa kasinja kapena m'chikwama cha kumsana. Woyendetsa amazindikira msanga: chithunzi chimayamba mizeremizere, kenako chimachita chipalepale, kapena chithunzi chili bwinobwino koma droni yasiya kumvera zala zake. Ngakhale popanda wosokoneza, droni ikamatsika pafupi ndi nthaka mitengo ndi zitunda zimatchinga mafunde, moti mamita omalizira woyendetsa amangolasa mwachikhulupiriro. Pofuna kuchepetsa vutoli amaimika droni ina m'mwamba yonyamula kachipangizo kolandira mafunde n'kuwapatsira kutsogolo. Mu Meyi 2023 bungwe lofufuza za nkhondo la ku Britain la RUSI linanena kuti Ukraine inkataya madroni pafupifupi 10,000 pa mwezi, ndipo kusokonezedwa kwa mafunde kunali chifukwa chachikulu.

Palinso ngozi kwa woyendetsa mwiniwake. Eriyelo yake ikamatumiza mafunde imakhala ikuulula pamene ali, ndipo magulu a madroni ndi amene mdani amayamba kusaka. N'chifukwa chake eriyelo amaiika patali ndi dzenje lawo, n'kuilumikiza ndi waya wautali.

Yankho la kusokonezaku linadabwitsa ambiri chifukwa likuoneka ngati kubwerera m'mbuyo. M'chaka cha 2024, makamaka pa nkhondo ya m'chigawo cha Kursk, asilikali a Russia anayamba kuulutsa kwambiri ma FPV okoka ulusi wagalasi, wofanana ndi umene umanyamula intaneti pansi pa nthaka koma wopyapyala ngati wa mbedza. Droni imanyamula mpukutu wa makilomita 10 kapena 20, ndipo ulusi umamasuka ikamauluka. Malamulo ndi chithunzi zimadutsa mu ulusimo, choncho palibe mafunde oti wina asokoneze kapena kuwatchera khutu. Chithunzi chimakhala choyera mpaka pomaliza. Droni yotere imatha kulowa pakhomo la shedi, kapena kutera m'mbali mwa msewu n'kudikira galimoto. Zovuta zake zilipo: mpukutu ndi wolemera, ndiye bomba limachepa, ulusi umakodwa m'nthambi kapena kuduka droni ikakhota mwamphamvu, ndipo dzuwa likawala ulusi wogwera pansi umanyezimira, n'kulozera kumene woyendetsa wabisala. Ukraine inatengera njirayi mosachedwa. Maukonde a m'misewu aja achuluka chifukwa cha madroni amenewa, poti ukonde sufunsa kuti droni ikuyendera wailesi kapena ulusi.

Zotsatira zake n'zoti dera la makilomita 10 mpaka 15 mbali zonse za mzere wa nkhondo lasanduka malo oopsa kuyendamo. Magalimoto ambiri akasonkhana amaonedwa asanafike n'komwe. Akasinja amawotcherera makhola a zitsulo pamwamba, ena mpaka kuphimbidwa ndi malata thupi lonse, kuti bomba liphulikire kutali ndi chitsulo chenicheni, ngakhale kuti zimenezi zimalepheretsa mutu wake kuzungulira bwino. Asilikali amayenda awiriawiri kapena atatuatatu, wapansi kapena pa njinga zamoto, m'bandakucha, pa chifunga kapena pa mvula, pamene madroni aang'ono amavutika kuona ndi kuuluka. Madzi ndi chakudya zimagwetsedwa ndi droni m'maenje a kutsogolo. Wovulala, amene madokotala amafuna kuti afike m'manja mwawo ola lisanathe, amatha kugona m'dzenje tsiku lonse kapena kuposa, chifukwa galimoto yomutenga ingasakidwe.

Ine sindigwirizana ndi amene akuti droni yathetsa kasinja ndi mzinga. Bomba la FPV n'laling'ono poyerekeza ndi chipolopolo cha mzinga wa mamilimita 155, chimene chimalemera makilogalamu opitirira 40 ndipo sichiopa mphepo kapena mvula. Droni siyingakhale m'mudzi n'kuugwira, pamafunika munthu. Chimene yachita n'kulanda asilikali mwayi wobisala ndi wosonkhana, ndipo nkhondo imene palibe amene angasonkhanitse gulu lalikulu mobisa imayenda pang'onopang'ono, ikudya anthu.

Kuona bwino sikutanthauzanso kuzindikira bwino. Pa 29 Ogasiti 2021, asilikali a America anatsatira galimoto ina mu mzinda wa Kabul kwa maola angapo kudzera pa droni, n'kuiphulitsa poganiza kuti yanyamula mabomba. Mwini wake anali wogwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu, ndipo zimene ankanyamula zinali zigubu za madzi. Anthu wamba 10 anafa, ana 7 mwa iwo, ndipo akuluakulu a asilikali anavomera pambuyo pake kuti analakwitsa. Ku Kherson nkhani ndi ina, chifukwa woyendetsa amaona bwinobwino kuti amene ali pansiyo ndi mayi wopalasa njinga kapena ambulansi. Mu Meyi 2025 komiti yofufuza ya United Nations inanena kuti kusaka anthu wamba ndi madroni kumene asilikali a Russia akhala akuchita m'derali, ali kutsidya kwa mtsinje wa Dnipro, ndi mlandu wolakwira mtundu wa anthu.